Chikwangwani chimodzi, misika iwiri

Mmisiri wa mipando wa ku Mchesi sataya mawu ambiri pofotokoza ntchito yake. Mipando ili poyera m'mbali mwa msewu. Wogula amaikhalira, amagogoda thabwa, amanenerera mtengo, ndipo mwendo wa mpando ukathyoka mawa amadziwa kokadandaula. Tsono taganizani za munthu amene katundu wake sagwirika ndi manja, monga womasulira zikalata, wowerengera ndalama za makampani kapena wojambula zikuto za mabuku, ndipo iyeyo ali ku Leeds pamene wofuna ntchitoyo ali ku Lilongwe, ku Lusaka kapena ku Geneva. Wogulayo alibe choti agogode. Chimene ali nacho ndi tsamba limodzi pa foni, ndipo pa tsambalo ndi pamene aweruzire ngati munthuyu n'ngodalirika.

Kwa ambiri amene amadzilemba okha ntchito, tsambalo ndi la pa LinkedIn. Malowa anatsegulidwa mu 2003, ndipo kampani ya Microsoft inawagula mu 2016. Ambiri kwathu kuno amawadziwa ngati kopachika mbiri ya maphunziro pofuna ntchito ya pamwezi. Koma wofuna ntchito ya pamwezi ndi wogulitsa luso lake ndi anthu awiri osiyana. Woyamba amati "ndilembeni", wachiwiri amati "ndili ndi chakuti, mtengo wake ndi wakuti, chidzatha tsiku lakuti". Amalawi ambiri a kunja amene ndawaona akudandaula kuti LinkedIn siwabweretsera makasitomala amakhala kuti akulankhula ngati woyambayo pomwe iwo ndi wachiwiri.

Kuti nkhani igwire pansi, tiyerekeze mayi wina wa ku Dedza amene wamaliza maphunziro a digiri yachiwiri ku Leeds, ndipo akufuna kumamasulira zolembedwa kuchokera m'Chingerezi kupita m'Chichewa. Makasitomala ake ali pawiri. Ena ali kumudzi: mabungwe a zaumoyo ndi zaulimi amene amafuna mabuku a alangizi, mafunso a kafukufuku ndi mauthenga a pawailesi m'Chichewa. Ena ali kwina konse: makampani omasulira a ku Ulaya, ndi aphunzitsi a m'mayunivesite amene anajambula mawu a anthu ku Chikwawa kapena ku Mangochi koma sakumva zimene zili m'makasetimo. Magulu awiriwa adzawerenga tsamba limodzi lomwelo, koma aliyense ali ndi nkhawa yake. Wakunja amafunsa kuti, kodi munthuyu amachita chiyani kwenikweni, nanga amene angamuchitire umboni ndani? Wakumudzi mafunso ake ndi ena: ndimulipira bwanji, sadzanditchulira mtengo wa mapaundi, ndipo kodi Chichewa chake sichinachite dzimbiri kunjako?

Asanakhudze n'komwe tsambalo, mayiyu ayenera kuyang'ana chiphaso chimene chikumulola kukhala m'dzikomo. Ku Britain, viza ya mwana wasukulu silola munthu kudzilemba yekha ntchito. Imatha kulola ntchito ya maola owerengeka kwa olemba ntchito, koma ganyu yodzipezera wekha n'kudzitchulira mtengo ndi yoletsedwa, ngakhale kasitomalayo ali ku Zomba ndipo akulipira makwacha. Chimene chimawerengedwa n'chakuti ntchitoyo ikugwiridwira m'dziko lawo. Viza ya amene amaliza maphunziro, ija amaitcha Graduate, imalola. Amene anabwera pa viza ya ntchito yomangidwa kwa bwana mmodzi, monga anamwino ambiri, ali ndi malire a maola 20 pa sabata a ntchito yapadera, ndiponso si ntchito ya mtundu uliwonse imene imaloledwa. Izi ndayamba nazo chifukwa LinkedIn ndi bwalo lapoyera. Ukalembapo kuti ukugulitsa luso, walengeza kwa aliyense, bwana wako ndi akuluakulu oona za olowa m'dziko omwe.

Tsono tifike pa funso limene limazunguza mitu ambiri: malo. Pansi pa dzina pali poti ulembe kumene ukukhala. Munthu wa bungwe ku Lilongwe akamafufuza womasulira amatha kusefa kuti aone okhala ku Malawi okha, ndipo wa ku Leeds saonekanso. Poona zimenezi ena amangolemba kuti ali ku Lilongwe. Ine njira imeneyi ndimaikana. Bodzali silichedwa kuululika. Kasitomala amati, "Mubwere mawa ku ofesi kwathu ku Area 47 tidzakambirane", kapena amaimba foni 8 koloko m'mawa pamene ku Leeds ili 6 koloko kukadali mdima, pakuti kuyambira kumapeto kwa Okutobala mpaka kumapeto kwa Malichi nthawi ya ku Britain imatsalira maola awiri, ndipo miyezi inayo ola limodzi. Choopsa kwambiri n'chakuti malo amene munthu akukhala amasintha msonkho umene wolipira ayenera kudula, ndiye kasitomala amene wanamizidwa pa malo wanamizidwanso pa nkhani ya malamulo. Munthu wotero sabweranso, ndipo poti mabungwe a ku Lilongwe amadziwana ngati anthu a mudzi umodzi, mbiriyo imayenda.

Malo akhale oona, koma dzina la Malawi lilowe m'mawu ena. Pansi pa dzina pali mzere wotchedwa Headline, umene umalola zilembo 220. Mzerewu umatsata munthu paliponse: pa zotsatira za kufufuza, pa ndemanga iliyonse imene walemba, pa uthenga uliwonse umene watumiza. Ambiri amauwononga polembapo digiri yawo ndi mawu oti akufuna mwayi uliwonse. Palibe kasitomala amene amafufuza munthu wofuna mwayi uliwonse. Amafufuza dzina la ntchito. Mayi wathu angalembe chonchi:

```
Chichewa / Nyanja / Chewa translator | Health and agriculture | Malawi projects, based in Leeds
```

Mayina atatu a chilankhulo chimodziwo sanaikidwe mokometsera. Mmalawi amalemba Chichewa pofufuza. Wa ku Zambia ndi makampani ambiri a ku Ulaya amalemba Nyanja, chifukwa m'ndandanda za zilankhulo zimene amagwiritsa ntchito chilankhulo chathu chimadziwika ndi zilembo `ny` kapena `nya`. Ena amalemba Chewa. Woyang'anira ntchito wa ku Madrid mwina sakudziwa kuti atatuwa ndi mayina a chilankhulo chimodzi. Iye wauzidwa kuti apeze wa Nyanja, ndipo tsamba lopanda liwulo alidumpha. Mawu oyambirira ndiwo ofunika zedi, pakuti pa foni mzerewu umadulidwa msanga. N'chifukwa chake dzina la ntchito lili kutsogolo, Leeds kumapeto.

Pansi pake pali gawo la About, la zilembo 2,600, koma wowerenga amaona mizere yochepa yoyamba, zina zonse zimabisika mpaka atadina. Mizere yoyambayo isakhale mbiri ya ubwana. Inene amene akuthandizidwa ndi chimene amalandira: kuti mayiyu amamasulira mabuku a alangizi, makalata opempha chilolezo kwa otenga nawo mbali pa kafukufuku, ndi mawu ojambulidwa. Kenako anene zimene kasitomala amafuna kudziwa asanalembe uthenga. Womasulira wosamala amakwanitsa mawu cha m'ma 2,000 pa tsiku, choncho buku la mawu 8,000 ndi masiku anayi, kuonjezapo tsiku lowerenganso. Kulemba mawu ojambulidwa a ola limodzi kumadya maola anayi mpaka asanu ndi limodzi, ndipo kumaposa apo ngati anajambulira pansi pa mtengo mbuzi zikulira ndi anthu akulankhula nthawi imodzi. Munthu amene walemba zimenezi waonetsa kuti ntchitoyo anaigwirapo, ndipo wadziteteza kwa uja wofuna masamba 60 pofika mawa.

M'gawo lomweli ndi momwe angayankhe nkhawa ya dzimbiri ija. Nkhawayo ili ndi maziko. Chilankhulo chimayenda. Mawu amene achinyamata a ku Ndirande akugwiritsa ntchito chaka chino si amene analipo pamene munthu ankakwera ndege, ndipo mawu a zaumoyo amene azaumoyo a kumudzi anazolowera nthawi zina amasiyana ndi a m'dikishonale. Yankho labwino limene ndalionapo ndi kugwira ntchito awiri: wakunja amamasulira, mnzake wokhala ku Malawi amawerenganso asanapereke, ndipo amagawana malipiro. Zimenezi zilembedwe poyera pa tsambalo. Kasitomala wakumudzi mtima umakhala pansi, ndipo wakunja amakondwera chifukwa makampani ambiri omasulira amafuna kuti ntchito iwerengedwe ndi munthu wachiwiri. Anenenso malire ake. Chinyanja cha m'tauni ya Lusaka chili ndi mawu ambiri ochokera ku Chibemba, Chinsenga ndi Chingerezi, ndipo uthenga wolembedwa m'Chichewa cha ku Dedza ungamveke wachilendo kumeneko. Wolandira ntchito ya ku Zambia osanena kuti iye ndi wa Chichewa cha ku Malawi akudzitchera yekha msampha.

Pali batani lina lolembedwa `Open to`. Ukalidina limapereka njira zingapo. Ambiri amasankha yofunira ntchito ya pamwezi, imene imazunguliza chithunzi ndi mkombero wobiriwira. Wodzilemba yekha asankhe `Providing services`, imene imatsegula tsamba la ntchito zimene amagulitsa. Pamenepo angasankhe ntchito mpaka khumi, ndipo pali poti achonge kuti amagwira ntchito ali kutali. Asadzaze khumi zonsezo. Munthu amene walemba kuti amamasulira, amajambula, amakonza maukwati ndiponso amaphunzitsa masamu amaoneka ngati grosale ya pakona, pamene kasitomala akufuna katswiri. Ziwiri kapena zitatu zogwirizana n'zokwanira.

Umboni ndiwo umalowa m'malo mwa kugogoda thabwa kuja. Gawo la Featured limalola kupachika zitsanzo za ntchito, koma apa m'pamene ena amalakwitsa kwambiri. Zimene anthu ananena pa kafukufuku wa matenda ndi chinsinsi. Buku limene bungwe silinatulutse ndi la bungwelo. Wopachika zotere kuti aonetse luso waonetsa kuti sasunga chinsinsi, ndipo yunivesite iliyonse yosamala imuthawa. Ndi bwino kulemba wekha ndime yaifupi ya Chingerezi, kuimasulira, n'kufotokoza chifukwa chimene wasankhira liwu lakuti m'malo mwa linzake. Gawo la Recommendations nalo limalola munthu amene unamugwirira ntchito kulemba umboni ndi dzina lake. Mayi wathu apemphe umboni mbali zonse ziwiri. Wa ku Geneva amakhulupirira akaona dzina la bungwe limene akulidziwa, pomwe wa ku Lilongwe amakhulupirira akaona dzina la munthu amene angamuimbire foni n'kumufunsa kuti, "Achimwene, mayi amenewa munagwira nawo bwanji?" Popempha, amukumbutse wolembayo ntchito yeniyeni, kukula kwake ndi ngati inafika pa nthawi. Umboni wongoti ndi munthu wolimbikira ndiponso woopa Mulungu ndi wabwino ku ukwati, koma suthandiza wofuna kudziwa ngati buku lake lifika Lachisanu.

Polumikizana ndi anthu atsopano, uthenga woperekeza pempho ndi waufupi, zilembo 200 kapena 300 kutengera mtundu wa akaunti. Ife tinaleredwa kuti nkhani siyamba moni asanathe, ndipo mwambowo ndi wabwino. Koma uthenga wongoti "muli bwanji bwana" kwa munthu wosakudziwa umangokhala osayankhidwa. Moni akhalepo, mzere umodzi, kenako dzina la ntchito ndi chifukwa chimene walembera munthu ameneyu osati wina. Wakumudzi akayankha, kawirikawiri amati tipite pa WhatsApp, poti ndiko amakhala ndipo bandulo yake ndi yotsika mtengo. Palibe cholakwika kupita, malinga zimene mwagwirizana zilembedwenso pa imelo: kuchuluka kwa mawu, tsiku, mtengo, ndalama ya dziko liti, ndi amene alipire zodula za banki.

Apa tafika pa ndalama, pamene ntchito zambiri za kumudzi zimafera. Kasitomala wa ku Ulaya amalipira mapaundi, mayuro kapena madola ku akaunti ya ku Britain, ndipo vuto lalikulu limangokhala kudikira masiku 30 kapena kuposerapo invoyisi itatumizidwa. Wakumudzi nkhani ndi ina. Kuti bungwe la ku Malawi litumize ndalama kunja, liyenera kupita ku banki ndi invoyisi ndi pangano, n'kupempha ndalama zakunja, zimene kwa zaka zingapo tsopano zakhala zosowa. Pempho limatha kukhala pamzere nthawi yaitali popanda wina kukhala ndi mtima woipa. N'chifukwa chake ambiri amavomera kulipidwa makwacha ku akaunti yawo ya kumudzi, kapena pa Airtel Money ndi Mpamba ngati ndalamazo n'zochepa, n'kuzigwiritsa ntchito komweko pa fizi ya ana a achemwali kapena simenti ya nyumba. Nzeru imeneyi ndi yabwino kwa amene ali ndi zolipira kumudzi. Kwa amene akufuna kulipira lendi ku Leeds, makwachawo ali ngati chimanga chimene chili m'nkhokwe tsidya la mtsinje wodzaza.

Tiyeni tiwerengere pa chitsanzo. Tinene kuti mu Okutobala 2023 mayi wathu anagwirizana ndi bungwe lina kumasulira buku pa mtengo wofanana ndi madola 500. Nthawi imeneyo dola m'mabanki inali pafupifupi K1,180, choncho pa pangano analemba K590,000. Mu Novembala 2023 banki yaikulu ya Reserve inatsitsa mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti, dola n'kufika pa K1,700. Bungwelo linalipira mu Disembala, ndendende monga mwa pangano. Koma K590,000 ija tsopano inali madola 347 okha. Ndipo si zokhazo. Lamulo la misonkho ku Malawi limauza wolipira munthu wosakhala m'dzikomo kuti adule msonkho asanapereke ndalama, kawirikawiri K15 pa K100 iliyonse, n'kuupereka ku MRA. Akadula pamenepo, zotsala ndi K501,500, amene ndi madola 295. Ntchito ya madola 500 yabweretsa 295, ndipo palibe amene wabera mnzake.

Kutsika kwa kwacha kotereku sikunali koyamba, pakuti mu Meyi 2022 inatsikanso ndi 25 peresenti. Choncho mtengo wa makwacha uzikhala ndi tsiku lothera, mwachitsanzo masabata awiri. Theka lilipidwe ntchito isanayambe, ndipo pangano linene kuti mtengo wa dola ku banki ukasintha theka linalo lisanalipidwe, adzawerengeranso. Afunsenso poyamba pomwe ngati mtengowo ndi wa msonkho usanadulidwe kapena utadulidwa, ndipo akadula apereke chikalata chosonyeza zimene adula. Chikalatacho n'chofunika chifukwa ku Britain nakonso akumudikira. Ndalama za ntchito yogwiridwa munthu ali m'dzikomo zimawerengedwa pa msonkho wa kumeneko ngakhale zitalowa ku akaunti ya ku Blantyre. Zikapitirira mapaundi 1,000 pa chaka cha msonkho, chimene chimayamba pa 6 Epulo, ayenera kulembetsa ku HMRC pofika pa 5 Okutobala chakacho chitatha. Malawi ndi Britain ali ndi pangano loletsa kudula msonkho kawiri pa ndalama imodzi, ndipo wodziwa za misonkho angathe kuona mmene likukhudzira ntchito yotere, koma popanda chikalata chija alibe poyambira.

Kodi mtengo ulembedwe pa tsambalo? Kwa munthu wa misika iwiri ndimati ayi. Akalemba mtengo wa mapaundi, wakumudzi amawerengera m'makwacha n'kuthawa asanapereke moni. Akalemba wa kumudzi, kampani ya ku Ulaya imaugwira n'kukana kukwera. Alembe mmene amawerengera, kuti zolembedwa ndi pa liwu, zojambulidwa ndi pa mphindi, ndiponso kuti amalandira makwacha, mapaundi kapena madola. Mzere umenewo wokha umayankha funso lalikulu la wakumudzi. Kukhala ndi mitengo iwiri si chinyengo, pakuti misikayo ndi yosiyana. Chimene sindigwirizana nacho ndi wakunja amene, poti lendi yake ikulipidwa ndi ntchito ina, amatsitsa mtengo kumudzi mpaka kupha msika wa omasulira a ku Zomba amene amadyera pomwepo. Amenewo ndi omwe adzawafune mawa kuti amuwerengere ntchito.

Tsamba likayamba kuoneka, akuba nawo amaliona. Njira zawo pa ntchito yomasulira n'zodziwika. Wina amatumiza masamba khumi n'kunena kuti ndi mayeso aulere, pamene mayeso enieni amakhala mawu 200 kapena 300. Masamba khumiwo ndi ntchito imene wagawira anthu angapo kuti imalizike popanda kulipira. Wina amavomera mtengo osanenerera, amatumiza cheke kapena umboni wa malipiro oposa amene munagwirizana, n'kupempha kuti zapamwambazo umubwezere msanga. Patapita masiku banki imati chekecho n'chabodza, ndipo zimene unabweza zapita. Winanso amafuna ndalama yolembetsera asanakupatse ntchito. Zizindikiro zimafanana: akaunti yongotsegulidwa kumene, anthu olumikizana naye ochepa, dzina la kampani yaikulu koma imelo ya Gmail, ndiponso changu chosaneneka. Pa tsamba la munthu aliyense pali batani la `More`, limene limaonetsa nthawi imene akauntiyo inatsegulidwa ndi ngati mwini wake anatsimikiziridwa. Ngati akuti ndi wa bungwe la ku Lilongwe, mayi wathu ali ndi chida chimene wa ku Madrid alibe: angatumize uthenga kwa mnzake wowerenga uja kuti afunse ngati ku ofesiko kulidi munthu wa dzina limenelo, ndipo kawirikawiri yankho silichedwa.